Chenjezo la pansi silitsuka bodza la pamwamba

Pa tchuthi china m'chaka cha 2024 ndinali kwathu ku Nathenje pamene alamu anga anafika madzulo foni ili m'manja, nkhope itagwa ngati kwagwa zovuta. Amagwira ntchito yoyang'anira katundu pa kampani ina mumzinda wa Lilongwe, ndipo tsikulo abwana awo anawauza kuti malipiro awo akwera kuchoka pa K490,000 kufika pa K510,000 pamwezi. Munthu wina akanabwera ndi nkhuku. Iwo anabwera ndi funso.

"Alamu, inu mumaphunzira za maakaunti, tandionereni ichi. Akuti ukangodutsa K500,000 boma limatenga 30 peresenti. Kodi si bwino ndiwauze abwana angosiya momwemo?"

Chimene anandionetsa chinali zithunzi zisanu zondondozana, zija timasuntha ndi chala pa Facebook kapena pa sitetasi ya WhatsApp, zimene anzathu okonza zithunzi amazitcha karoselo. Zinali zokongola ndithu. Chithunzi choyamba chinali ndi mawu akuluakulu oti osadutsa K500,000. Chachitatu chinali ndi masamu: 25 peresenti ya K490,000 ndi K122,500, ndiye utsala ndi K367,500, koma 30 peresenti ya K510,000 ndi K153,000, ndiye utsala ndi K357,000. Kukwezedwa malipiro, malinga ndi masamu amenewa, kukanawadyera alamu anga K10,500 mwezi uliwonse. Pansi pa chithunzi chomaliza panali timawu ting'onoting'ono ta Chingerezi tonena kuti zonsezi si uphungu wa zachuma.

Maganizo anga ndi awa: timawu timeneto sitinateteze aliyense kupatula amene anakonza zithunzizo. Ife ophunzira, amene masiku ano timakonda kufotokozera anthu nkhani za msonkho ndi malamulo pa foni, tiyenera kusiya kuona chenjezo ngati sopo wotsukira zimene talakwitsa pamwamba. Kuona mtima kwa karoselo kumayambira pa chithunzi choyamba. Chenjezo limabwera kudzanena malire a zimene tafotokoza molondola, osati kudzapepesera zimene tafotokoza molakwika.

Kuti tione pamene panali bodza, tiyambe tamvetsa msonkho womwewo. Msonkho umene amadula pa malipiro a munthu wolembedwa ntchito umalembedwa kuti PAYE pa peyisilipi. Wantchito sapita yekha kukalipira. Bwana ndiye amadula ndalamayo asanapereke malipiro, nkuitumiza ku bungwe lotolera misonkho la Malawi Revenue Authority, MRA, pofika pa 14 mwezi wotsatira. Mu bajeti ya chaka cha 2024/25, imene inaperekedwa ku Nyumba ya Malamulo ndi nduna ya zachuma ya nthawiyo, a Simplex Chithyola Banda, malipiro a pamwezi anagawidwa m'magawo anayi kuyambira mu Epulo 2024. K150,000 yoyamba sinkadulidwa msonkho. K350,000 yotsatira, kutanthauza kuchoka pamenepo kufika pa K500,000, inkadulidwa 25 peresenti. Yopitirira K500,000 kufika pa K2,550,000 inkadulidwa 30 peresenti, ndipo yopitirira apo 35 peresenti.

Aliyense amene anagulapo chimanga pa msika wa Mitundu akhoza kumvetsa zimenezi mosavuta. Yerekezerani kuti malipiro anu ndi chimanga chimene mukuthira m'ndowa zondondozana. Ndowa yoyamba ikadzaza mumayamba kuthira mu yachiwiri, yachiwiri ikadzaza mumapita ku yachitatu. Ndowa iliyonse ili ndi msonkho wakewake, ndipo msonkho wa ndowa yachitatu umakhudza chimanga chokhacho chimene chagwera mu ndowa yachitatuyo. Subwerera m'mbuyo kukakhudza chimene chili kale m'ndowa ziwiri zoyamba.

Ndinatenga pepala ndipo tinawerengera limodzi ndi alamu anga. Pa malipiro a K490,000, ndowa yoyamba imatenga K150,000 yopanda msonkho. Yotsala ndi K340,000, ndipo 25 peresenti yake ndi K85,000. Akadula msonkho pamatsala K405,000. Pa malipiro a K510,000, ndowa yoyamba ndi yomwe ija. Yachiwiri yadzaza ndi K350,000, msonkho wake ndi K87,500. Mu yachitatu mwagwera K10,000 yokha, ndipo 30 peresenti yake ndi K3,000. Msonkho wonse ndi K90,500, ndipo pamatsala K419,500. Choncho pa K20,000 imene anawawonjezera, boma likanatenga K5,500 ndipo iwo akanatsala ndi K14,500 yapamwamba mwezi ndi mwezi. Pa chaka ndi K174,000. Imeneyo ndiyo ndalama imene akanaikana chifukwa cha zithunzi zisanu.

Taonani kuti wokonza karoselo ija sanapeke manambala. 25 peresenti inali yoona, 30 peresenti inali yoona, K500,000 inalinso yoona. Cholakwika chinali kagwiritsidwe ntchito kake. Ichi ndicho chimachititsa kuti zithunzi zoterezi zikhale zoopsa kuposa mphekesera wamba: munthu akafunsa mnzake wa ku ofesi ngati ndi zoona kuti pali 30 peresenti pamwamba pa K500,000, mnzakeyo avomera, ndipo bodza lija limapeza mboni.

Ndiye karoselo yabwino ya nkhani yomweyi ingaoneke bwanji? Ine ndingaikonze ndi zithunzi zisanu ndi chimodzi, chilichonse ndi ntchito imodzi. Choyamba chikhale funso limene anthu ali nalo kale, monga lakuti kodi kukwezedwa malipiro kungachepetse ndalama yopita nayo kunyumba chifukwa cha PAYE, ndipo yankho lalifupi likhale pomwepo: ayi. Musabise yankho mpaka kumapeto pofuna kuti anthu asunthe zithunzi zonse, chifukwa ambiri amaona choyamba chokha, makamaka bandulo ikakhala yochepa. Ngati chithunzi choyamba chikuopseza ndipo chomaliza ndicho chikutonthoza, ambiri atsala ndi mantha okha.

Chachiwiri chifotokoze ganizo la ndowa, popanda nambala iliyonse. Chachitatu chionetse magawo anayi aja ndi chaka chake. Chachinayi chiwerengere chitsanzo chimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, monga tachitira pamwambapa, osadumpha sitepe ngakhale imodzi. Chachisanu chinene zimene chitsanzocho sichinawerengere. Chomaliza ndicho chikhale chenjezo. Zithunzi zitatu zomalizazi ndi zimene ambiri timazichita mwaulesi, ndiye ndikufuna ndichedwepo pang'ono.

Choyamba ndi nkhani ya chaka. Manambala a msonkho sakhalitsa. Gawo losadulidwa msonkho linali K45,000 chaka cha 2020 chisanafike kumapeto. M'chaka chomwecho, nduna ya zachuma a Felix Mlusu analikweza kufika pa K100,000, ndipo mu Epulo 2024 linafika pa K150,000. Magawo apamwamba nawonso akhala akusinthasintha. Ngakhale chaka cha boma chenichenicho chinasuntha: kale chinkayamba pa 1 Julaye, koma kuyambira mu 2022 chimayamba pa 1 Epulo. Pamene chithunzi cha pa foni sichikalamba. Chimene chinakonzedwa zaka zitatu zapitazo chimatha kutulukiranso lero pa gulu la WhatsApp la kutchalitchi kapena la anthu a mudzi umodzi chikuoneka chatsopano ngati chakonzedwa m'mawa womwewo. N'chifukwa chake manambala amene ndagwiritsa ntchito m'nkhani ino ndawamangirira dala ku chaka cha 2024/25, ndipo amene akufuna kuwerengera malipiro ake a lero ayambe waona magawo amene MRA yalengeza panopa. Ganizo la ndowa silisintha, koma kukula kwa ndowa ndi msonkho wake zimasintha ndi bajeti.

Ndipo chakacho chisalembedwe pa chithunzi chomaliza chokha. Pa WhatsApp anthu satumiza karoselo yonse. Amajambula chithunzi chimodzi chimene chawakhudza nkuchitumiza chokhachokha, zinazo nkutsala. Chithunzi chokhala ndi manambala ndicho chimayenda kwambiri, ndipo chithunzi cha chenjezo ndicho chimatsala m'mbuyo. Choncho pa chithunzi chilichonse chimene chili ndi nambala payenera kukhala mzere wowerengeka wonena kuti awa ndi magawo a kuyambira mu Epulo 2024, malinga ndi MRA. Chithunzi chilichonse chizitha kuyenda chokha osanamiza munthu.

Chachiwiri ndi kunena amene nkhaniyo ikuwakhudza. PAYE ndi msonkho wa olembedwa ntchito. Koma karoselo ikafika ku Nathenje kapena ku Mitundu, ambiri oiwerenga si olembedwa ntchito. Ndi alimi a soya, mtedza ndi fodya, ndi ogulitsa tomato ndi kaunjika, ndi a kabaza. Mlimi amene wagulitsa soya wa K600,000 akaona chithunzi chonena kuti ndalama yopitirira K500,000 imadulidwa 30 peresenti akhoza kuganiza kuti akunena iye, pamene ndalama ya malonda ili ndi malamulo ake ena. Mayi wogulitsa pamsika amene amadula chiphaso tsiku ndi tsiku akhoza kuganiza kuti walipira kale msonkho umene ukunenedwawo, pamene ndalama ya chiphaso imapita ku khonsolo, osati ku MRA. M'Chichewa zonsezi timangoti msonkho, ndiye mawu amodzi omwewo akhoza kusocheretsa anthu atatu m'njira zitatu. Mzere umodzi wonena kuti izi ndi za okhawo olandira malipiro a pamwezi kwa bwana umathetsa chisokonezo chonsecho.

Ngakhale kwa wolembedwa ntchito, chitsanzo chathu chili ndi malire. K419,500 ija si ndalama imene alamu anga akanaipeza ku banki. Lamulo la penshoni limafuna kuti wantchito azisonkha 5 peresenti ndipo bwana 10 peresenti, ndiye gawo la wantchito limachoka pa malipiro. Ngati ali ndi ngongole ya kuntchito kapena ya ku sako, nayonso imachoka. Mwezi umene walandira bonasi kapena ndalama ya ovataimu, ndalamayo imaphatikizidwa ndi malipiro ndipo msonkho umakwera. Karoselo imene sinena zimenezi imatumiza munthu ku ofesi ya wolipira malipiro atakwiya, akuti amubera, pamene peyisilipi yake ili yolondola. Chithunzi chachisanu chija ntchito yake ndi imeneyi: kunena mosabisa kuti tawerengera PAYE yokha, penshoni ndi ngongole sitinaziwerengere.

Chachitatu ndi kusiyanitsa kufotokoza ndi kulangiza. Kunena kuti msonkho umawerengedwa motere ndi kufotokoza. Kunena kuti inuyo kanani, sainani, kapena auzeni abwana akupatseni ina pamanja, ndi kulangiza, ndipo wolangiza amafunika kudziwa nkhani yonse ya munthuyo. Wokonza karoselo sadziwa aliyense mwa anthu mazanamazana amene adzaione. Njira yosavuta yodziwira kuti mwawoloka malire ndi kuyang'ana mawu olamula. Karoselo ija inayamba ndi "osadutsa", ndipo pamenepo inali italangiza kale, ngakhale pansi inakana kuti si uphungu. Uphungu wina umene umayenda kwambiri ndi woti ndalama yowonjezerayo izilandiridwa pambali, isalembedwe pa peyisilipi. Kumeneko si kuchenjera ayi, ndi kuzemba msonkho, ndipo kumatha kuika m'mavuto bwana ndi wantchito yemwe. Kuwonjezera apo, malipiro osalembedwa sawerengedwa pa penshoni ndipo saoneka pamene munthu akufunsira ngongole ku banki.

Tsopano chenjezo lenilenilo. Lolembedwa bwino limayankha mafunso anayi: ndani wakonza izi, manambalawa ndi a liti, sizikukhudza ndani, ndipo wofuna yankho la nkhani yake apite kuti. Likhale m'chinenero chomwecho chimene zithunzi zinazo zalembedwa, ndi zilembo zowerengeka pa foni yaing'ono. Kufotokoza nkhani m'Chichewa kenako nkulemba chenjezo m'Chingerezi cha maloya ndi kuuza owerenga kuti chenjezolo si lawo. Ine ndingalembe chonchi:

"Zithunzizi zakonzedwa ndi wophunzira pofuna kufotokoza mmene PAYE imawerengedwera. Manambala ake ndi a kuyambira mu Epulo 2024 ndipo amasintha ndi bajeti. Tawerengera PAYE yokha, osati penshoni kapena ngongole, ndipo izi sizikukhudza ndalama za ulimi kapena bizinesi. Musanapange chisankho pa malipiro anu, funsani wokonza malipiro kuntchito kwanu, ofesi ya MRA, kapena katswiri wa zowerengera ndalama wovomerezeka."

Onani kuti mulibe mawu oti wolemba sakhudzidwa ndi chilichonse chimene chingachitike. Muli chinthu chothandiza owerenga pa chiganizo chilichonse. Akatswiri ovomerezekawo amapezeka kudzera ku bungwe lawo la Institute of Chartered Accountants in Malawi, ICAM, koma kwa munthu ngati alamu anga khomo lapafupi ndi la wokonza malipiro kuntchito kwawo, amene akhoza kuwaonetsa mzere ndi mzere mmene peyisilipi yawo yatsopano idzaonekere. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Chenjezo labwino limatsina khutu la owerenga kuti asapweteke, pamene loipa limangotchinjiriza khutu la wolemba.

Ndikudziwa kuti ena atsutsa. Anzanga okonza zithunzi amati karoselo yodzaza ndi zaka, malire ndi machenjezo palibe amene amaiwerenga, ndipo imene imayenda ndi yoopseza. Akunena zoona kuti yoopseza imathamanga. Koma tifunse kuti tikufuna chiyani. Ngati cholinga ndi kuchuluka kwa oona, ndiye kuti karoselo ija inapambana, pakuti inafika mpaka ku Nathenje. Ngati cholinga ndi choti munthu amvetse peyisilipi yake, inalephera kotheratu. Ndiponso zimene ndikupemphazi si zambiri: mzere umodzi wa chaka, mzere umodzi wa amene zikuwakhudza, ndi chithunzi chimodzi cha malire. Chimene chimalemetsa karoselo si chenjezo, koma kufuna kufotokoza PAYE, msonkho wa pa katundu ndi msonkho wa bizinesi zonse pamodzi. Sankhani ganizo limodzi, zinazo zidikire sabata yamawa.

Ena amatsutsa kuchokera mbali ina. Amati wophunzira amene sanamalize maphunziro asamakhudze n'komwe nkhani za msonkho ndi malamulo, azisiyira akatswiri. Maganizo amenewa ndimawalemekeza, chifukwa amachokera pa kuopa kuvulaza anthu. Koma sindigwirizana nawo. Wogwira ntchito m'sitolo ya pa Nathenje kapena mphunzitsi wa sukulu yapulaiveti ku Mitundu sapita kwa katswiri kukafunsa za K20,000. Amafunsa mwana wa mlongo wake amene ali ku koleji, kapena amakhulupirira chimene chafika pa foni. Ife tikakhala chete, malowo satsala opanda kanthu, amadzazidwa ndi zithunzi zonga zija. Chofunika ndi kudziwa pamene mphamvu zathu zikuthera. Ganizo la magawo a PAYE wophunzira wa chaka choyamba akhoza kulifotokoza molondola ngati watenga manambala ku MRA komweko, osati pa chithunzi cha mnzake. Koma funso la munthu amene ali ndi ntchito ziwiri, kapena amene akukangana ndi bwana wake pa ndalama zimene zinadulidwa kale, si la karoselo ndipo si la wophunzira. Pamenepo kuona mtima ndi kunena kuti apa pitani kwa odziwa.

Pali mayeso amodzi amene ndingapemphe aliyense kuti achite asanatumize zithunzi zake. Zipatseni munthu amene sanaphunzire za maakaunti, mwina mnzanu wa unamwino kapena mayi anu aang'ono, osamufotokozera kanthu pakamwa. Akamaliza kuwerenga mufunseni kuti munthu wolandira K200,000 pamwezi angadulidwe zingati malinga ndi magawo a 2024 aja. Akayankha kuti K12,500, wamvetsa, chifukwa wachotsa K150,000 yopanda msonkho nkutenga 25 peresenti ya K50,000 yotsalayo. Akayankha kuti K50,000, ndiye kuti watenga 25 peresenti ya malipiro onse, ndipo zithunzi zanu zamuphunzitsa bodza lomwe lija ngakhale inu simunalilembe. Kenako mufunseni ngati zimenezi zikukhudza mlimi wogulitsa mtedza, ndiponso kuti manambalawo ndi a chaka chiti. Akalephera limodzi mwa mafunso atatuwa, vuto si iyeyo. Bwererani mukakonze chithunzi chimene chamusocheretsa, ndipo musaganize kuti kuwonjezera chiganizo china pa chenjezo kuthetsa vutolo.

Ndipo tsiku lina mukadzazindikira kuti munalakwitsa, kapena bajeti yasintha manambala, musangofufuta mwakachetechete. Tumizani chokonza pa magulu omwe aja amene munatumizako choyamba, ndipo munene poyera chimene chasintha. Chithunzi chakale chili kale m'mafoni a anthu, ndipo njira yokhayo yochitsatira ndi kutumiza chatsopano pa njira yomweyo.

Alamu anga anaipinda pepala lija nkuliika m'thumba la malaya. Lolemba lotsatira anapita nalo kwa wokonza malipiro kuntchito kwawo, amene anawonjezerapo mzere wa penshoni umene ine ndinausiya, ndipo malipiro atsopanowo anawalandira. Ndikakumbukira madzulo aja, chimene chimandidetsa nkhawa si alamu anga, pakuti iwo anafunsa. Ndi enawo amene anaona zithunzi zomwezo pa gulu lomwelo, alibe wowafunsa, nkukhulupirira zilembo zikuluzikulu za pamwamba chifukwa timawu ta pansi sitinkalankhula nawo. Ife amene tili ndi mwayi wokhala m'kalasi ndi amene tidzakonze zithunzi zotsatira, ndipo wowerenga wathu ndi munthu ameneyo.